Less kapena fewer: kodi amene wanena "less people" waphwanya Chingelezi?

Mng'ono wanga amagwira ntchito yolemba malipoti a mijigo m'midzi ingapo. Tsiku lina anandiimbira foni atakhumudwa. Abwana ake anamubwezera lipoti atazunguliza mawu amodzi ndi cholembera chofiira malo anayi. Mawuwo anali *less*, ndipo pambali pa malo onse anayiwo analemba *fewer*. "Achimwene," anatero, "kodi Chingelezi changa chafika poipa chonchi?" Ndinamuuza kuti anditumizire tsambalo. Nditawerenga ndinapeza kuti pa malo anayiwo, abwanawo anakhoza pawiri, ndipo pawiri anaononga chiganizo chimene chinali bwinobwino. Ndibwereranso ku tsamba limeneli, koma poyamba tione kumene nkhani ya mawu awiriwa inachokera.

Lamulo limene ambiri tinaphunzitsidwa ndi lalifupi. Zinthu zimene ungawerenge chimodzichimodzi, monga anthu, mbuzi, mabuku, zimatenga *fewer*. Zinthu zimene umachita kuyeza, monga madzi, ufa, nthawi, phokoso, zimatenga *less*. Choncho timati *fewer goats* koma *less milk*, *fewer books* koma *less noise*. Kwa ife a Chichewa kusiyanitsa kumeneku n'kwachilendo ndithu, chifukwa ife tsinde limodzi la -chepa limagwira ntchito ponseponse. Timati anthu ochepa, madzi ochepa, mbuzi zochepa, ndalama zochepa, ndipo palibe amene amasokonezeka. Tikafuna kutsindika kuti zinthuzo ndi zoti munthu angathe kuziloza ndi chala, timati anthu owerengeka, mbuzi zowerengeka, koma sitinganene kuti madzi owerengeka. Pamenepo ndi pamene Chichewa chimayandikira pang'ono zimene Chingelezi chimachita.

Chimene aphunzitsi ambiri satiuza n'chakuti lamuloli lili ndi tsiku lobadwa, ndipo mwini wake amadziwika. M'chaka cha 1770, munthu wina wa ku England dzina lake Robert Baker anasindikiza kabuku ka maganizo ake pa Chingelezi. Inali nyengo imene anthu olemba za chilankhulochi anali kalikiliki kuchikonza kuti chioneke cholongosoka. Samuel Johnson anali atatulutsa mtanthauziramawu wake mu 1755, ndipo Robert Lowth galamala yake mu 1762. Baker atafika pa mawu oti *less*, anavomereza yekha kuti anthu amawagwiritsa ntchito kwambiri ponena za chiwerengero, kenaka n'kunena kuti iye akuganiza kuti *fewer* angachite bwino pamenepo. Anati kwa iye *no fewer than a hundred* akumveka mokoma komanso moyenera kuposa *no less than a hundred*. Taonani mmene analankhulira: ndikuganiza, kwa ine zikuoneka. Sananene kuti anzake akulakwitsa galamala. Ananena zokonda za khutu lake, monga mmene wina anganenere kuti iye nsima amaikonda yolimbirapo.

Olemba mabuku a galamala amene anabwera pambuyo pake anatola maganizo amenewa n'kumapatsirana, ndipo popatsiranapo mawu aja oti "ndikuganiza" anagwa m'njira. Pofika m'zaka za m'ma 1900, zokonda za munthu mmodzi zinali zitasanduka lamulo lophunzitsa ana m'sukulu, lolembedwa ngati kuti Chingelezi chinabadwa nalo.

Koma sichinabadwe nalo. Mfumu Alfred ya ku Wessex, kumwera kwa England, imene inalamulira kuyambira 871 mpaka 899, imadziwika ndi ntchito yomasulira mabuku a Chilatini kupita m'Chingelezi cha nthawi imeneyo. M'buku la Boethius, mlembi wakale wa ku Roma, limene linamasuliridwa cha m'ma 888 muli mawu akuti *swa mid læs worda swa mid ma*, kutanthauza kuti kaya ndi mawu ochepa kaya ndi ochuluka. Mawu ndi chinthu chowerengeka, koma apa aikidwa pamodzi ndi *læs*, kholo la *less* wa leroyu. N'zoona kuti kaumbidwe ka chiganizo kanali kosiyana pang'ono. Mawu oti *worda* anali ndi mchira wosonyeza umwini, ngati kunena kuti zochepa za mawu. Michira yotereyi itathothoka m'Chingelezi popita zaka, chimene chinatsala ndi *less words*. Choncho pamene Baker ankanena zokonda zake, anthu anali atagwiritsa ntchito *less* pa zinthu zowerengeka kwa zaka pafupifupi 900. Mtanthauziramawu wa Merriam-Webster wofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka Chingelezi, umene unatuluka mu 1989, ndi umene unaika mbiri imeneyi poyera kuti aliyense aione.

Nanga tsono kulakwitsa galamala kwenikweni n'kutani? Ine njira imene ndimaiona yothandiza ndi iyi. Chiganizo cholakwika ndi chimene eni chilankhulo sangachinene ali maso, ndipo akachimva chimawabaya m'khutu nthawi yomweyo popanda wina kuwaphunzitsa. M'Chichewa, wina atati "mwana zikulira" kapena "madzi chatha", ngakhale agogo amene sanapondepo m'kalasi adzaona kuti pavuta. Sanaloweze magulu a mayina, koma lamulo la mgwirizano lili m'mutu mwawo. Limenelo ndiye lamulo lenileni la chilankhulo, losafunika wolilondera.

Tiyeni tiyese mawu athu awiri pa muyeso umenewu. Nenani kuti *fewer water* kapena *fewer money* pamaso pa Mngelezi aliyense, kaya ndi woyendetsa basi ku Manchester kaya ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Adzamva kuti chinachake chathyoka. Palibe dera, palibe gulu la eni chilankhulo limene limalankhula choncho. Kumeneko ndi kulakwitsa galamala kopanda mkangano. Tsopano nenani kuti *less people came today*. Ambiri adzangomva uthengawo n'kupitiriza kucheza, chifukwa nawonso amalankhula momwemo. Amene adzakukonzeni ndi okhawo amene anaphunzitsidwa kutchera khutu pa mawu amenewa, ndipo ngakhale iwowo amapezeka atanena *less* akakhala kuti sakudziyang'anira.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Lamulo la kusukulu limajambula zinthu ngati kuti pali nyumba ziwiri zofanana, ina ya *fewer* ina ya *less*, aliyense osaloledwa kulowa kwa mnzake. Zoona zake n'zakuti *fewer* yekha ndiye womangika. Amakhala pa zinthu zowerengeka basi. *Less* wakhala akuyenda mbali zonse ziwiri kuyambira kalekale. Theka la lamuloli ndi galamala yeniyeni, theka linalo ndi mwambo wa kalembedwe.

Pali amene amati tikalola *less* kulowa paliponse ndiye kuti tanthauzo lisokonekera. Yankho lake lili pafupi, m'mawu oti *more*. Chingelezi chimati *more water* komanso *more people*, mawu amodzi pa zoyeza ndi zowerenga zomwe, ndipo palibe amene anadandaulapo. Ngati kuchuluka kukukwanira ndi mawu amodzi, kuchepa sikungalephere. Komabe pali malo amodzi pamene odandaulawa akunena zoona, ndipo tiwapeza m'lipoti la mng'ono wanga lija.

Chiganizo choyamba chimene anachizunguliza chinali chakuti *less people came to the meeting in June*. Apa abwana aja anachita bwino. Anthu amawerengeka, dzina lawo latsatana ndi *less* mwachindunji, ndipo ili ndi lipoti lopita kwa akuluakulu amene adzaliwerenga mosamala. M'kalembedwe kotere, *fewer people* ndi amene amayembekezeka. Ndinamuuza mng'ono wanga kuti asinthe, koma ndinamuuzanso kuti chiganizo chakecho sichinali chothyoka. Chinangovala zovala za kumsika pa tsiku la msonkhano.

Chachiwiri chinali chakuti *the repair took less than 40 minutes*. Apa cholembera chofiira chija chinalakwa. Mphindi zimawerengeka, inde, koma amene akunena chiganizochi sakuwerenga mphindi imodziimodzi ngati mbuzi zolowa m'khola. Akuyeza kutalika kwa nthawi, ndipo nthawiyo ikhoza kukhala mphindi 38 ndi theka. *Fewer than 40 minutes* amamveka ngati munthu amene akuopa kulakwa mpaka kuiwala kulankhula.

Chachitatu chinali cha ndalama: *the village raised less than 90,000 kwacha*. Apanso *less* ndiye woyenera. Palibe amene akuganiza za makwacha 90,000 oyalidwa pamphasa imodziimodzi. Ndi mulu umodzi wa ndalama. Nthawi, ndalama, mtunda ndi kulemera, zonsezi zimatenga *less* ngakhale pali nambala ndi dzina losonyeza zambiri: *less than 5 kilometres*, *less than 50 kilograms*, *less than 18 years old*. Ngakhale mabuku a galamala okhwimitsa zinthu amavomereza zimenezi.

Pali njira yophweka yodziwira. Tengani muyesowo muuike kumayambiriro kwa chiganizo, muone mneni amene Chingelezi chimasankha. Amati *five kilometres is a long walk*, osati *are*. Amati *90,000 kwacha is not enough*. Mneni wa chinthu chimodzi akusonyeza kuti chilankhulocho chikuona muyesowo ngati chinthu chimodzi, ndiye *less* ali pamalo pake. Koma sanganene kuti *five goats is in the garden*. Amati *are*, chifukwa mbuzi iliyonse ili payokha, ndipo pamenepo m'kalembedwe kosamala mulemba *fewer than five goats*.

Chachinayi ndi chimene chinandikhazika pansi. Mng'ono wanga analemba kuti *this year we have less experienced mechanics in the area*. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, ukutanthauza kuti amakaniko odziwa ntchito achepa, kapena kuti amene alipowo sadziwa ntchito kwenikweni?" Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Achepa, achimwene. Awiri anapita ku Joni. Amene atsalawo ndi akatswiri ndithu." Ndiye taonani ngozi yake. *Less* ali ndi ntchito inanso imene *fewer* alibe: amachepetsa mphamvu ya mfotokozi amene wamutsatira. *Less experienced* ndi munthu wosazolowera ntchito kwenikweni. Wowerenga lipotilo akanamva kuti amakaniko a m'deralo ndi ophunzira kumene, mwina n'kukonza zowatumiza kumaphunziro, pamene vuto linali loti anthu achepa. *Fewer experienced mechanics* amachotsa chikayiko chonsecho. Chimodzimodzi *less serious injuries*, amene angatanthauze kuvulala kochepa mphamvu, pamene *fewer serious injuries* ndi kuchepa kwa chiwerengero cha ovulala kwambiri. Pakakhala mfotokozi pakati pa *less* ndi dzina la zinthu zowerengeka, imani kaye muwerengenso. Apa si nkhani ya zokonda za Baker ayi, ndi nkhani ya uthenga kufika molakwika.

Malo anayi, zifukwa zitatu zosiyana, koma cholembera chofiira chinaona cholakwa chimodzimodzi ponsepo. N'chimene chimandipweteka ndi lamuloli likaphunzitsidwa mwachidule. Limapatsa munthu mphamvu yokonza anzake asanamvetse chimene akukonza, ndipo wokonzedwayo amachoka akudziona ngati mbuli pa chiganizo chimene Mngelezi wophunzira akanalemba chimodzimodzi.

Mkangano wotchuka kwambiri pa mawuwa unachitikira m'masitolo. M'masupamaketi ambiri a ku Britain ndi ku America mumakhala mzere wa anthu amene agula zinthu zochepa, ndipo pamwamba pake pamakhala chikwangwani chakuti *10 items or less*. Kwa zaka zambiri anthu okonda galamala akhala akudandaula nacho. Mu 2008 kampani ya Tesco ku Britain inalengeza kuti m'masitolo ake atsopano iyamba kulemba *up to 10 items*, potsatira malangizo a bungwe la Plain English Campaign. Onani kuti sanasankhe *10 items or fewer*. Analambalala mawu onse awiri. Ine ndimaona kuti chikwangwani chakale chija chinalibe mlandu. Mawu oti *or less* akabwera pambuyo pa nambala, amanena za malire a mulu wonse, monga mmene mipikisano yolemba yakhala ikunenera kuti *in 25 words or less*. Wogula amene wanyamula buledi, sopo ndi shuga amamva nthawi yomweyo kuti mzerewo ndi wake, ndipo ntchito ya chikwangwani ndi imeneyo.

Palinso malo ena ochepa amene *less* anakhazikika mwakuti kumuchotsa kumaononga chiganizo. Pambuyo pa *one*, anthu amati *one less problem*, *one less mouth to feed*. Dzinalo ndi la chinthu chimodzi, ndipo *fewer* amafuna zambiri, choncho *one fewer problem* amamveka mokakamiza ngakhale ena amalemba. M'masamu, chizindikiro cha < chimawerengedwa kuti *less than*, ndipo 3 < 5 ndi *three is less than five* kulikonse. Maperesenti ndiwo amavutirapo. *Less than 30 percent of the maize* alibe vuto chifukwa chimanga chikuyezedwa. Pa *30 percent of the farmers* akonzi ena amafuna *fewer* chifukwa alimi ndi anthu owerengeka, ena amalola *less* chifukwa peresenti ndi gawo la chinthu chimodzi. Onse awiri amapezeka m'zolemba zosamala, ndipo amene angakuuzeni kuti limodzi ndi tchimo akungonena mwambo wa pamalo pake.

Kwa ife amene Chingelezi tinachiphunzira m'kalasi, msampha waukulu suli pamene Angelezi amakanganapo. Uli pa mayina amene m'maganizo mwathu ndi owerengeka koma Chingelezi chimawatenga ngati oyeza. Mipando ndi matebulo timaziwerenga, koma *furniture* sawerengeka. Malangizo tikhoza kupereka awiri kapena atatu, koma *advice* sawerengeka. Chimodzimodzi *information*, *equipment*, *luggage*. Munthu amene waloweza kuti zowerengeka zimatenga *fewer* amafika polemba *fewer equipments* kapena *fewer furnitures*, akuganiza kuti wasamala kwambiri, pamene wagwera m'cholakwa chenicheni chija chimene mwini chilankhulo sangachite. Choyenera ndi *less equipment*, kapena ngati mukufunadi kuwerenga, *fewer pieces of equipment*. Kuwerengeka kumene lamuloli limanena ndi kwa dzinalo m'Chingelezi, osati kwa chinthucho m'dziko. Ndalama timaziwerenga tsiku lililonse, koma *money* amatenga *less*, pamene *coins* amatenga *fewer*. Mpunga ndi nyemba zonse ndi timbewu ting'onoting'ono m'thumba, koma Chingelezi chimati *less rice* ndi *fewer beans*. Mukakayika, yesani kuika nambala kutsogolo kwa dzinalo. *Three beans* zikutheka, *three rices* sizikutheka pokhapokha mukunena mitundu ya mpunga.

Ndiye munthu achite chiyani? Ndinene mosabisa mbali imene ndili. *Less people* si kuphwanya Chingelezi, ndipo sindingamudule munthu pakamwa chifukwa cha mawu amenewa. Koma mwambo umene wakhala zaka zoposa 250 uli ndi mano, ngakhale unayamba ngati zokonda za munthu mmodzi. Akonzi a nyuzipepala amautsatira, mabuku ophunzitsira amauphunzitsa, ndipo ochonga mayeso amauyembekezera. Wophunzira amene akulemba Chingelezi pa mayeso a Fomu 4, phunziro limene sangapeze satifiketi popanda kulikhoza, sapindula kanthu potsutsana ndi wochonga za Mfumu Alfred. Namwino amene akulemba mayeso a Chingelezi kuti akagwire ntchito ku Britain, kapena amene akulemba kalata yofunsira ntchito, alembe *fewer patients*, *fewer mistakes*. Sizimutengera kanthu, ndipo palibe wowerenga amene angakhumudwe ndi *fewer* woikidwa pa dzina la zinthu zowerengeka. Ngozi yokhumudwitsa wina ili mbali imodzi yokha.

Tilinso ndi zofanana nazo kwathu kuno. Wina amati "ndinapita", wina amati "ndidapita". M'mabuku ambiri a kusukulu mupeza -da-, pakamwa pa anthu ambiri mumva -na-, ndipo mphunzitsi akhoza kukonda imodzi pochonga chimangirizo. Koma amene wati "ndinapita kumsika dzulo" sanaphwanye Chichewa monga amene wati "mwana zikulira". Kusiyana kwa zolakwa ziwirizi timakumva bwino m'chilankhulo chathu chifukwa khutu lathu linakulira momwemo. M'Chingelezi timadalira zimene tauzidwa, n'chifukwa chake mzere wofiira uliwonse umaoneka wolemera mofanana.

Mng'ono wanga anasintha malo awiri, la anthu a kumsonkhano ndi la amakaniko. Awiri enawo, la mphindi ndi la makwacha, anawasiya mmene analili. Anadandaula kuti abwana adzaona ngati akuchita mwano, ndiye tinagwirizana kuti akapite nalo yekha lipotilo, akawafunse mwaulemu ngati iwowo anganene kuti *40 minutes is enough* kapena *40 minutes are enough*. Madzulo ake ananditumizira uthenga kuti abwanawo anayankha kuti *is* asanaganize n'komwe, kenaka anayang'ananso pepala lija kwa kanthawi, n'kusayina.